Kuchonga umboni wa jometiri pamene zilembo za pa chojambula sizikudziwika bwino

Aphunzitsi anzanga amene angoyamba kumene kuchonga masamu akhala akundifunsa funso limodzimodzi kawirikawiri: kodi ndipereke malikisi kapena ndimane, pamene wophunzira walemba umboni wooneka wolongosoka, koma pa chojambula chake sizikudziwika kuti B ndi uti, D ndi uti? Ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lonse kamodzi. Mwachidule, musamalosere, kaya momukomera wophunzirayo kapena momupondereza. Nthawi zambiri pepala lomwelo limakhala ndi zokwanira kukuuzani chimene iye ankatanthauza, ndipo ntchito yanu ndi kuzifufuza mwadongosolo musanalembe malikisi.

Ndiyambe ndafotokoza mawu amene ndizigwiritsa ntchito. Umboni ndi mndandanda wa mfundo, iliyonse ndi chifukwa chake, zoyambira pa zimene funso lapereka mpaka kufika pa chimene lapempha kuti chitsimikizidwe. Ndikati mfundo ndikunena chiganizo chimodzi cha mu umbonimo, monga BD = CD, ndipo ndikati mzere ndikunena mzere wojambulidwa. Thirayango ndi chojambula cha mbali zitatu ndi ngodya zitatu. Ngodya ikalembedwa ndi zilembo zitatu, monga ∠ADB, chilembo chapakati ndicho nsonga pamene mizere iwiriyo yakumana, ndipo lamulo laling'ono limeneli ndilo lidzakuthandizani kwambiri pa ntchito yonseyi.

Tigwiritsa ntchito funso limodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Mu thirayango ABC, AB = AC, ndipo D ndi dontho lapakatikati pa BC. Tsimikizani kuti AD ikukumana ndi BC pa ngodya ya madigiri 90. Tiyerekeze kuti funsoli lili ndi malikisi 5: amodzi pa AB = AC pamodzi ndi BD = CD, amodzi ponena kuti AD ndi mbali ya mathirayango onse awiri, amodzi ponena kuti mathirayangowo ndi ofanana ndendende ndi kupereka chifukwa chake, amodzi pa ∠ADB = ∠ADC, ndipo omaliza ponena kuti ngodya ziwirizo zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, choncho iliyonse ndi 90.

1. Jambulani chojambula chanuchanu kuchokera m'mawu a funso.

Chitani zimenezi musanayang'ane pepala la wophunzira aliyense. Ikani A pamwamba, B ndi C m'munsi, D pakati pawo, ndipo musonyeze zokhazo zimene funso lapereka, osawonjezerapo kanthu. Chifukwa chake nchakuti madontho amene funso latchula ali kale ndi tanthauzo lawo, ndipo dzanja la wophunzira silingalisinthe. D ndi dontho lapakati pa BC ngakhale chilembo chake pa pepalapo chitafufutika theka. Mukayamba ndi chojambula cha wophunzira, maso anu amazolowera chisokonezo chake ndipo mumayamba kuona funsolo momwe iye analionera.

2. Werengani umboni wonse kamodzi, cholembera chofiira chili pansi.

Werengani mfundo zonse mukuyang'ana chojambula chanu, ndipo paliponse pamene chilembo chakukayikitsani ikani kadontho ka pensulo m'mphepete, kenako pitirizani. Ambiri amalakwa pano poima pa mfundo yoyamba yokayikitsa, kusankha tanthauzo nthawi yomweyo, n'kuwerenga zotsalazo ndi tanthauzo limene asankhalo. Koma yankho la kukayikira kwa pa mfundo yachiwiri nthawi zambiri limapezeka pa mfundo yachisanu, kumene wophunzira wagwiritsanso ntchito chinthu chomwecho.

3. Zindikirani kuti vutolo ndi la mtundu wanji.

Mawu akuti zilembo sizikudziwika amabisa mavuto atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi njira yake. Loyamba ndi la kalembedwe, pamene chilembo chili pamalo oyenera koma maonekedwe ake akusokoneza: B ndi D, D ndi O, P ndi D, C ndi G, M ndi N, U ndi V, ndiponso S ndi 5 kapena Z ndi 2. Lachiwiri ndi la malo, pamene chilembo chikuwerengeka bwinobwino koma chaikidwa pakati pa zinthu ziwiri, moti sichikudziwika kuti chikuimira dontho liti kapena ngodya iti. Lachitatu ndi la kusinthanitsa, pamene zilembo zikuwerengeka ndipo zili pamalo odziwika, koma si malo amene funso linanena.

Vuto lachitatuli limathetsedwa msanga. Dzifunseni ngati chojambula cha wophunzira chikukwaniritsabe zonse zimene funso lapereka. Ngati waika C kumanzere ndi B kumanja, kapena watembenuza thirayango kuti A akhale pansi, palibe chimene chasokonekera. Koma ngati waika D pakati pa AC m'malo mwa BC, ndiye kuti akuyankha funso lina, ndipo mungompatsa malikisi a mfundo zimene zili zoona pa funso lenileni, kapena mutsate zimene ndondomeko yanu yochongera ikunena za wophunzira amene wawerenga funso molakwika.

4. Vuto la kalembedwe lithetseni pochotsa matanthauzo osatheka.

Choyamba fufuzani pa pepala lonse malo amene chilembocho sichingakhale china. Wophunzira akalemba "thirayango ABC" pokopera funso, chilembo chapakaticho ndi B mosakayikira, ndipo muli ndi chitsanzo cha momwe dzanja lake limalembera B. Mwina B wake ali ndi kachiuno kakang'ono pakati pomwe D wake ndi wozungulira mosalala. Zikatere vuto latha. Koma pali ophunzira ena amene B ndi D wawo sasiyana konse akafulumira, ndipo apa mudalira masamu okha. Nali pepala lotero, ndipo nyenyezi ikuimira chilembo chimene chingakhale B kapena D:

```
1. A* = AC            (zapatsidwa)
2. BD = C*            (D ali pakati pa BC)
3. A* ndi mbali ya onse awiri
4. △ABD ≡ △ACD        (SSS)
5. ∠A** = ∠A*C        (ngodya zolingana)
6. ∠A** + ∠A*C = 180° (zili pa mzere wowongoka)
7. Choncho iliyonse ndi 90°
```

Pa mfundo 1, chifukwa chimene chalembedwa ndicho chikuyankha, pakuti chimene chapatsidwa ndi AB = AC, osati AD = AC. Pa mfundo 2, dontho lapakati limapereka BD = CD, osati BD = CB. Pa mfundo 3, mbali yokhayo imene ili mu thirayango ABD komanso mu thirayango ACD ndi AD. Onani kuti nyenyezi ya pa mfundo 1 tayiwerenga B ndipo ya pa mfundo 3 tayiwerenga D. Zimenezi nzololedwa pa vuto la kalembedwe, chifukwa zilembo zonse ziwiri zilipodi m'funsomo, ndipo malo aliwonse ali ndi chizindikiro chake chotiuza kuti ndi chiti. Zilembo SSS pa mfundo 4 zikutanthauza kuti mbali zonse zitatu za thirayango imodzi zikufanana ndi mbali zitatu za inzake, ndipo zikugwirizana ndi mfundo zitatu zoyambazo monga taziwerengera.

Mfundo 5 ndiyo yofunika kuifatsira. Ngodya yoyamba singakhale ABB kapena ADD, chifukwa zimenezo si ngodya, choncho ndi ADB kapena ABD. Yachiwiri ndi ADC kapena ABC. Zikupereka matanthauzo anayi. Awiri mwa iwo ndi abodza, pakuti ∠ADB = ∠ABC ndi ∠ABD = ∠ADC akufananitsa ngodya ya madigiri 90 ndi ngodya yocheperapo. Awiri otsalawo ndi oona onse: ∠ADB = ∠ADC ndi chimene tikufuna, ndipo ∠ABD = ∠ABC nchoona chifukwa ndi ngodya imodzi yomweyo yotchulidwa m'njira ziwiri, popeza D ali pa mzere BC. Apa mukuona kuti kungofunsa ngati mfundo ili yoona sikokwanira. Muyenera kufunsa kuti ndi tanthauzo liti likugwirizana ndi chifukwa chimene chalembedwa komanso ndi mfundo yotsatira. Ngodya ABC si ya thirayango ACD, choncho singatchedwe yolingana ndi ngodya ya mu ABD. Komanso mfundo 6 ikunena za ngodya ziwiri zogundana pa mzere wowongoka, ndipo pa chojambulachi zimenezo zili pa D pokha. Latsala tanthauzo limodzi, ndipo wophunzirayu alandire malikisi onse 5, ndi mawu omuchenjeza za kalembedwe kake.

Tsopano taonani pepala lina lofanana ndi loyambalo pa mfundo 1 mpaka 4, koma mfundo 5 yake ndi ∠A** = ∠AC*, kenako akuti choncho iliyonse ndi 90°. Kusiyana kwake nkochepa m'maso koma nkwakukulu m'masamu, chifukwa pa ngodya yachiwiri C ali pakati ndipo akuwerengeka bwino. Nsonga ya ngodyayo ndi C, osati D. Mukawerenga yoyamba kuti ABD, mfundoyo ndi yoona, chifukwa ngodya za m'munsi mwa thirayango ya mbali ziwiri zofanana nzofanana, koma sizikwana 90 iliyonse ndipo sizikutifikitsa kumene tikupita. Mukaiwerenga kuti ADB, mfundoyo ndi yabodza. Palibe tanthauzo lililonse limene lingapulumutse umboniwu, choncho alandire malikisi 3 a mfundo zoyambazo n'kutaya awiri omaliza. Ndipo mumulembere kuti walakwitsa ngodya, osati kuti zilembo zake sizikuoneka, chifukwa mukanena za kalembedwe adzaganiza kuti masamu ake anali bwino ndipo munangolephera kuwerenga.

5. Vuto la malo lithetseni posankha tanthauzo limodzi n'kuligwira mpaka kumapeto.

Ili ndilo gawo lovuta, ndipo ndi limene malangizo ambiri a kachongedwe amangolidutsa ndi mawu akuti pokayikira mkomereni wophunzira. Mawu amenewo ndi abwino, koma ali ndi malire. Chilembo chimodzi cha pa chojambula chimaimira chinthu chimodzi. Ngati x waikidwa pamalo osokoneza, muli ndi ufulu wosankha tanthauzo lomukomera wophunzira, koma mulibe ufulu wosankha tanthauzo lina pa mfundo iyi ndi lina pa mfundo inayo. Uku ndiko kusiyana kwake ndi vuto la kalembedwe.

Pa funso lathuli, ophunzira ena satsata njira ya mathirayango ofanana, koma amawerengera ngodya. Amalemba x pafupi ndi A, pamene mzere AD wagawa ngodya ya pamwambayo pawiri, popanda kauta kosonyeza pamene ngodyayo yayambira ndi pamene yathera. Motero x angakhale ngodya yonse BAC kapena chigawo chake BAD. Lembani matanthauzo awiriwa pa pepala lanu lapadera, ndipo muyese lililonse pa mfundo zonse. Njira yachangu ndi kuika manambala. Tengani thirayango imene ngodya BAC ndi madigiri 40. Pamenepo ngodya B ndi C ndi 70 iliyonse, BAD ndi 20, ndipo ADB ndi 90. Nayu wophunzira woyamba:

```
a. ∠B = (180° − x) ÷ 2
b. ∠ADB = 180° − x − ∠B = 90°
```

Mukati x ndi ngodya yonse, ndiye kuti x ndi 40. Mfundo a ikupereka 70, ndipo nzoona, koma mfundo b ikupereka 180 kuchotsa 40 kuchotsa 70, zomwe ndi 70, osati 90. Mukati x ndi BAD, ndiye kuti x ndi 20. Mfundo b ikupereka 90 mukaikamo ngodya B yeniyeni ya 70, koma mfundo a ikupereka 80, zomwe nzabodza. Mfundo iliyonse payokha ili ndi tanthauzo limene likuipulumutsa, koma palibe tanthauzo limodzi lopulumutsa zonse ziwiri. Wochonga wofulumira amawerenga a ndi tanthauzo loyamba, b ndi lachiwiri, n'kuchonga zonse, osazindikira kuti iyeyo ndiye wakonza umboniwo m'mutu mwake. Chimene chachitika nchakuti wophunzirayo anasintha tanthauzo la x osadziwa, ndipo kusaoneka bwino kwa chilembocho sikunali kwa dzanja lokha ayi, kunali m'maganizo mwake momwe. Sankhani tanthauzo limodzi limene likumupatsa malikisi ochulukirapo, ndipo mfundo imene yagwa ndi tanthauzo limenelo muiwerengere kuti ndi yolakwika.

Wophunzira wachiwiri walemba motere, x ali pamalo osokoneza omwewo:

```
a. ∠B = (180° − 2x) ÷ 2 = 90° − x
b. ∠ADB = 180° − x − (90° − x) = 90°
```

Apa tanthauzo lakuti x ndi BAD likugwira ntchito pa mfundo zonse ziwiri: x akakhala 20, mfundo a ikupereka 70 ndipo b ikupereka 90. Vuto la chilembo latha. Koma musathamangire kupereka malikisi onse, chifukwa mukangodziwa chimene x akuimira, dzenje lina likuonekera. Polemba 2x, wophunzirayu watenga ngati chodziwika kale kuti AD yagawa ngodya A m'zigawo ziwiri zofanana. Zimenezo nzoona, koma funso silinapereke, linangoti D ali pakati pa BC. Kuti atsimikize kuti zigawozo nzofanana akadayenera kudzera pa mathirayango ofanana amene wawazembawo. Kumbukiraninso kuti kuika manambala kumangokuthandizani inu kupeza tanthauzo la chilembo ndi kugwira mfundo yabodza. Mfundo ikadutsa pa madigiri 40 sizitanthauza kuti yatsimikizidwa.

Vuto lofanana nalo ndi la ngodya yotchulidwa ndi chilembo chimodzi. Pa chojambula chathu, ∠B ndi ∠C sizisokoneza chifukwa pa nsongazo pali ngodya imodzi yokha. Koma ∠D ingakhale ADB, ADC, ngakhalenso ngodya yowongoka BDC, ndipo ∠A ili ndi matanthauzo atatu. Wophunzira akalemba kuti ∠D = ∠D, ine ndimayang'ana ngati pa chojambula wasiyanitsa ngodya ziwirizo ndi timauta kapena ndi timanambala 1 ndi 2. Ngati watero, ndipo mfundo yotsatira ikuziphatikiza kukhala 180, ndimapereka malikisi. Ngati palibe chilichonse chosonyeza kuti akudziwa kuti ngodyazo ndi ziwiri, sindipereka, chifukwa monga yalembedwera mfundoyo sikunena kanthu.

6. Chojambula chikuthandizeni kudziwa mayina, osati kutsimikiza mfundo.

Mukakhala nthawi yaitali mukupenda chojambula kuti mumvetse zilembo, nkosavuta kuyamba kuchikhulupirira pa zina zonse. Timizere tosonyeza mbali zofanana, timauta ta pa ngodya, ndi kabokosi kosonyeza madigiri 90 ndi zothandiza kudziwa chimene wophunzira akuloza, koma si zifukwa. Kabokosi ka pa D pa funso lathuli nkofunika kukasamala kwambiri, chifukwa kakusonyeza chinthu chimene akuyenera kutsimikiza. Ngati anakajambula atamaliza, palibe vuto. Koma ngati mfundo ina ikudalira kabokosiko, mwachitsanzo ponena kuti mathirayango ndi ofanana chifukwa onse ali ndi ngodya ya 90, ndiye kuti wagwiritsa ntchito yankho potsimikiza yankho lomwelo, ndipo malikisi onse odalira pamenepo agwa. Pali umboni wabodza wodziwika bwino m'jometiri wonena kuti thirayango iliyonse ili ndi mbali ziwiri zofanana, ndipo chinyengo chake chonse chagona pa chojambula chimene chimaika dontho lina m'kati mwa thirayango pomwe malo ake enieni ndi kunja. Mfundo zake zimaoneka zolondola chifukwa wowerenga wakhulupirira malo a dontholo.

Komanso musamuchotsere wophunzira malikisi chifukwa chojambula chake nchokhota kapena D sali pakati penipeni mukayeza ndi rula. Chojambula chapamanja sichiyembekezeka kukhala cholondola pa miyeso, pokhapokha ngati funso lapempha zimenezo ndipo lili ndi malikisi akeake a chojambula.

7. Lembani malikisi pamodzi ndi tanthauzo limene mwagwiritsa ntchito.

M'mphepete mwa pepala lembani mwachidule, mwachitsanzo "ndawerenga x = ∠BAD" kapena "ndawerenga ∠ADB potengera mfundo 6". Zimenezi zimathandiza wochonga mnzanu amene angadzaonenso pepalalo, zimathandiza wophunzira kuona pamene anasokoneza, ndipo zimakukakamizani inuyo kuchita chimodzimodzi pa mapepala ena onse okhala ndi vuto lomwelo. Mukasintha maganizo muli pakati pa mulu, bwererani ku mapepala amene mwachonga kale. Cholakwa chimodzi chilangidwe kamodzi: wophunzira akasokoneza chilembo pa mfundo imodzi koma zotsatira zake zikuyenda molondola kuchokera pamenepo, musamuchotsere malikisi pa mfundo iliyonse imene chilembocho chaonekeranso, malinga ngati kusokonezako sikunapeputse funsolo.

Nthawi zina mudzachita zonsezi koma matanthauzo awiri n'kutsalabe, limodzi lolondola ndi lina lolakwika, popanda chifukwa cholembedwa kapena mfundo yotsatira yoti isiyanitse. Apa ndi pamene kumukomera wophunzira kuli m'malo mwake, ndipo ine ndimapereka malikisi a mfundo imodziyo ngati mfundo zoizungulira zikusonyeza kuti njirayo akuidziwa. Mungathenso kumpatsa mnzanu pepalalo kuti awerenge chilembocho, koma musamuuze chimene inu mukuona, chifukwa mukangoti "kodi uyu si D?" nayenso adzaona D. Ngati ili ntchito ya m'kalasi osati mayeso, mungamuitane wophunzirayo, koma musamufunse kuti chilembocho ndi chiti, popeza adzayang'ana nkhope yanu n'kusankha chokukondweretsani. Mpatseni chojambula chanu choyera chija, ndipo mumupemphe kuti aloze ndi chala ngodya ziwiri zimene akunena pa mfundo 5, n'kufotokoza chifukwa chake zikaphatikizidwa zikukwana madigiri 180.